Masekondi 45 a kanema wa Thanzi: mmene sikiriputi ya zithunzi zoyenda imalembedwera

Ntchito yanga ndi yopanga timakanema tija mulibe munthu wojambulidwa ndi kamera, koma malemba ndi tizithunzi timene timayenda pa sikirini uku mawu a munthu akufotokoza. Ndimagwirira m'kachipinda kena ku Matawale, pamodzi ndi mphwanga amene ali ndi dzanja labwino pojambula kuposa ine. Anthu akabwera amafunsa za kompyuta ndi mapulogalamu, koma chimene chimamanga kapena kupasula kanema wotere ndi pepala limene limalembedwa kompyuta isanayatsidwe. Pepala limenelo ndi sikiriputi, ndipo siimafanana ndi ya sewero kapena ya pa wailesi. Imanena zinthu zitatu nthawi imodzi: zimene khutu likumva, zimene diso likuona, ndi sekondi imene ziwirizo zikukumanirana.

Ndifotokoza pogwiritsa ntchito kanema mmodzi amene tinapangira bungwe lina logwira ntchito m'midzi ya ku Jali ndi kumunsi kwa nyanja ya Chilwa. Ankafuna kanema wa masekondi 45 wophunzitsa kasungunulidwe ka Thanzi ORS, woti azitumizirana pa WhatsApp. Anatipatsa mawu olembedwa kale m'Chingerezi, okwana 110, ndipo kuwerengera kwawo kunali kolondola malinga ndi chilankhulo chimenecho, chifukwa kumeneko amayerekeza mawu 150 pa mphindi imodzi. Tinamasulira, n'kupatsa mayi amene amatiwerengera mawu kuti ayese. Wotchi itafika pa masekondi 45 anali asanafike n'komwe pa chiganizo chokhudza kum'mwetsa mwana. Anachotsa mahedifoni n'kundiuza kuti, "Achimwene, ndingathe kuthamanga, koma mayi amene mwana wake akudwala sadzamvapo kanthu." Ankanena zoona.

Vuto lake ndi lakuti liwu la Chichewa limanyamula katundu wambiri. Liwu limodzi ngati "akatsegula" lili ndi masilabo asanu, "pang'onopang'ono" asanu ndi limodzi. Kuwerenga mawu sikukuuzani nthawi imene pakamwa padzatenge. Chimene chimauza ndi masilabo. Ife tinayeza mayi wathuyo kangapo ndi wotchi ya pa foni, ndipo akamawerenga modekha, ngati akulangiza mnzake pa khonde, amatulutsa masilabo pafupifupi asanu pa sekondi. Wowerenga wanu akhoza kusiyana pang'ono, choncho muyezeni nokha: m'patseni ziganizo zitatu, werengani masilabo ake, gawani ndi masekondi amene watenga. Nambala imeneyo ndiyo maziko a sikiriputi yonse.

Tinataya zomasulira zija n'kuyamba kulemba mwatsopano, molunjika m'Chichewa, ndipo tinatsala ndi ziganizo zisanu ndi zitatu. Mawu onse anali 53 okha, masilabo 162. Pa masilabo asanu pa sekondi, ndiye kuti kulankhula kwenikweni ndi masekondi 32 ndi pang'ono. Masekondi 12 kapena 13 otsalawo si nthawi yotayika. Ndi mpata woti diso lione zimene khutu lamva. Olemba ambiri atsopano amadzaza masekondi onse ndi mawu, kenako amadabwa kuti zithunzi zikungothamanga ngati minibasi ya ku Blantyre yochedwa.

Chiganizo chilichonse chinakhala kagawo kakekake. Kagawo, kamene ena amati biti, ndi mfundo imodzi yokhala ndi chinthu chimodzi chachikulu choyenda pa sikirini. Mfundo zikakhala ziwiri m'kagawo kamodzi, kaduleni. Pa pepala timajambula mizere yoimirira: kumanzere nthawi, pakati mawu a wofotokoza, kumanja zooneka, ndipo kumapeto kwenikweni kasinthidwe kopita ku kagawo kotsatira.

Nthawiyo siilembedwa m'masekondi okha. Kanema ndi zithunzi zoima zambirimbiri zotsatizana, chilichonse chimatchedwa fulemu, ndipo ife timagwira ntchito pa mafulemu 25 pa sekondi. Ndiye mukaona 9:17 pa pepala lathu, tikunena sekondi ya 9, fulemu ya 17. Kanema yense wa masekondi 45 ali ndi mafulemu 1,125. Nambala ya mafulemu pa sekondi muzilemba pamwamba penipeni pa tsamba loyamba, chifukwa mafoni ambiri amajambula pa 30, ndipo mapulogalamu ena amayambira pomwepo. Fulemu ya 1,125 imene kwa inu ndi mapeto a masekondi 45, kwa munthu amene watsegula ntchito yake pa 30 imafika pa masekondi 37 ndi theka. Chizindikiro choti izi zachitika n'chakuti zithunzi zimatsogola mawu, ndipo mpatawo umakulirakulira kanema akamapita kumapeto. Pamwamba pomwepo timalembanso kukula kwa sikirini. Wathu anali woimirira, 1080 m'lifupi ndi 1920 m'litali, chifukwa anthu saitembenuza foni poonera.

Kagawo koyamba kanali ka masekondi 6. Mawu: "Mwana akatsegula m'mimba, madzi amatha m'thupi mwake." Pa sikirini, chithunzi cha mwana chojambulidwa ndi mzere wokha, mkati mwake modzaza mtundu wa buluu, ndipo buluuyo akutsika kuchokera m'mapewa mpaka m'mawondo. Palibe lemba lililonse. Kachiwiri, masekondi 3: "Sambani m'manja ndi sopo." Manja awiri, thovu, basi. Apa sitinachedwepo chifukwa aliyense akudziwa kusamba m'manja.

Kagawo kachitatu ndi kamene ndikufuna muone monga kanalembedwera, chifukwa ndi pamene pali muyezo, ndipo muyezo ukalakwika mankhwala alakwika.

Kagawo 3, kuyambira 9:00 mpaka 16:00.
Mawu, kuyambira 9:05: "Thirani lita imodzi ya madzi owiritsa, atazizira, m'chiwiya choyera."
9:00 Chiwiya chopanda kanthu chilowa kuchokera pansi, mafulemu 10, chiima pakati pa sikirini.
9:17 Lemba lakuti LITA IMODZI lioneka pamwamba pa chiwiya, mafulemu 6, likhala mpaka 16:00.
10:10 Mabotolo awiri a theka la lita aoneka kumanja. Loyamba lipendeka, madzi akwera mpaka pakati pa chiwiya.
12:00 Lachiwiri lipendeka, madzi afika pa mzere wakuda. Kumanzere, kampoto pa mbaula, nthunzi ikuzilala.
14:15 Zonse ziima. Palibe choyenda mpaka 16:00.
Kasinthidwe: chiwiya chikhala pomwepo. Mabotolo, mbaula ndi lemba zichoka.

Nambala ya 9:17 sinangotoledwa. Mawu akuyamba pa 9:05. Liwu lakuti "Thirani" lili ndi masilabo atatu, ndipo silabo iliyonse imatenga mafulemu asanu, ndiye "lita" limveka pa 9:20. Lemba timalilowetsa mafulemu atatu liwu lisanamveke, kuti pamene khutu likumva "lita" diso likhale litafika kale pamenepo. Likachedwa n'kubwera liwu litadutsa, woonera amamva ngati kanema akutsimphina, ngakhale sangathe kunena chimene chalakwika. Likafulumira ndi sekondi yathunthu, munthu amawerenga n'kusiya kumvetsera.

Onaninso kuti lembalo silikubwereza chiganizo chonse. Kubwereza kotereku ndi vuto limene ndimakumana nalo m'masikiriputi ambiri amene anthu amatibweretsera: zonse zimene wofotokoza akunena amafuna zilembedwenso pa sikirini. Munthu sangawerenge chiganizo chachitali, kumvetsera, komanso kuyang'ana madzi akukwera, zonse nthawi imodzi. Lemba la pa sikirini ndi la chinthu chimene simukufuna chiiwalike, kawirikawiri nambala kapena liwu limodzi lotsindika. Ife sitidutsa mawu atatu. Ndipo limakhala pa sikirini nthawi yoti munthu wowerenga movutikira aliwerenge kawiri mokweza. Ngati mukufuna ziganizo zonse ziwoneke chifukwa cha anthu osamva, kapena oonera foni ili duu m'minibasi, zimenezo ndi timalemba ta pansi, ndipo tili ndi mzere wakewake pa pepala.

Mabotolo awiri aja ali ndi mbiri yake. Poyamba mphwanga anaika kachithunzi ka jagi yoyezera, ya timizere m'mbali, imene anaipeza pa intaneti. Inali yokongola. Ndinatenga foni n'kukaonetsa mayi wina wogulitsa tomato pa msika wa Mpondabwino, amene ndimagula kwa iye masiku onse. Anayang'ana n'kufunsa kuti, "Bambo, ndiye chimenechi ndikachigule kuti?" Kachithunzi, kapena aikoni monga timanenera pa ntchito, kamagwira ntchito pokhapokha woonera akazindikira chinthucho nthawi yomweyo, n'kukumbukira kuti ali nacho kunyumba. Botolo la madzi la theka la lita lili paliponse. N'chifukwa chake pa sikiriputi sitilemba kuti "chithunzi cha madzi owiritsa" n'kusiya wojambula aganize yekha. Akaganiza yekha atenga ketulo ya magetsi. Timalemba kuti mpoto pa mbaula. Pofuna kuonetsa kotunga madzi timalemba mjigo, osati mpopi wa m'bafa.

Kagawo kachinayi kali ndi msampha wina. Mawu, kuyambira 16:05: "Khuthulani paketi yonse ya Thanzi, osati theka." Paketi itsika kuchokera pamwamba, ing'ambika, ufa uyamba kugwera m'chiwiya. Liwu lakuti "yonse" limveka pa 17:15, ndiye lemba lakuti YONSE lilowa pa 17:12, lalikulu, ndipo paketi ioneka ikuphwa mpaka kutheratu. Kenako pa 19:00 pakubwera "osati theka". Poyamba tinalemba kuti paketi ya theka ioneke, ndipo patapita sekondi imodzi mtanda wofiira uidule. Titaonera foni itatsitsidwa mawu tinachita mantha. Kwa sekondi yathunthu, kanema ankaonetsa paketi ya theka popanda choletsa chilichonse, ngati ndi njira inanso yovomerezeka. Tinakonza kuti paketi ya theka ilowe ili kale ndi mtanda wake, yaing'ono, yotuwa, pakona, pamene paketi yopanda kanthu ija ikadali yaikulu pakati. Chinthu choletsedwa chisamaoneke chokha ngakhale fulemu imodzi, ndipo chisamakule kuposa chololedwa.

Mawu a kagawo kameneka amatha cha pa 20:00, koma kagawo kamatha pa 22:00. Masekondi awiriwo tinawasiya dala. Pa pepala timalemba kuti "ziima", chifukwa mukapanda kulemba, wopanga kanema amaona mpata wopanda kanthu n'kuikamo tinyenyezi touluka.

Kachisanu n'kachidule: "Takasani mpaka ufa wonse usungunuke." Supuni izungulira katatu, timadontho toyera tichepa mpaka kuzimiririka, masekondi 4. Kachisanu ndi chimodzi kanatipatsa phunziro la malemba. Mawu: "M'mwetseni mwanayo pang'onopang'ono, nthawi iliyonse akatsegula." Tinkafuna lemba lakuti PANG'ONOPANG'ONO, koma pa sikirini yoimirira liwu lalitali chonchi silikwana pokhapokha mutalichepetsa kwambiri, ndipo kanema akadutsa pa WhatsApp, imene imafinya makanema kuti asadye bandulo, timalemba tating'ono timasanduka phala. Tinalidula pawiri, PANG'ONO pamwamba, PANG'ONO pansi. Loyamba limalowa pamene supuni yoyamba ikufika pakamwa pa mwana, lachiwiri pa supuni yachiwiri. Pa supuni iliyonse, buluu uja m'thupi la mwana akwera pang'ono. Apa lemba, chithunzi ndi liwu zinanena chinthu chimodzi, ndipo mwana amene tinamuona akuuma m'kagawo koyamba wabwereranso. Kagawo kameneka ndi kamene ndimakakonda m'kanema yense.

Ponena za malemba, yesani fonti yanu, kutanthauza kaonekedwe ka zilembo, musanaisankhe. Lembani "Malaŵi" ndi "ng'ombe". Mafonti ambiri okongoletsa alibe ŵ, ndipo pamalo pake pamatuluka kabokosi, kapena chilembo cha mtundu wina chosiyana ndi zinzake. Dzina la fonti lilembedwe pamwamba pa sikiriputi, pamodzi ndi mitundu itatu kapena inayi imene kanema yense agwiritse ntchito ndi tanthauzo la uliwonse. Kwa ife buluu anali madzi, kufiira kunali kuletsa ndi ngozi, ndipo sitinalole kufiira kuoneka pena paliponse, ngakhale pa malaya a mwana.

Tsopano za kasinthidwe. Mapulogalamu monga CapCut ali ndi njira zambiri zochokera pa chithunzi china kupita pa china: kuzungulira, kuphulika, kupindika ngati tsamba. Anthu amasankha chifukwa zilipo. Koma kasinthidwe kamauza woonera chinachake, afune asafune. Chinthu chikakhala pamalo pomwepo zinzake zikusintha, ndiye kuti tikadali pa ntchito yomweyi. N'chifukwa chake chiwiya chathu sichinasunthe kuyambira 9:10 mpaka 32:00. Ndi chiwiya chomwecho chimene chalandira madzi, ufa, supuni, ndipo mayi woonera sakufunika kufunafuna ndi maso kuti ali pati. Tikanakhala kuti tapukuta sikirini yonse pa kagawo kalikonse, akanaganiza kuti ndi ziwiya zinayi.

Zinthu zikazimiririka pang'onopang'ono china n'kutulukira, ndiye kuti nthawi yadutsa. Tinagwiritsa ntchito kamodzi kokha, polowa kagawo kachisanu ndi chiwiri. Pamenepa panalinso nkhani ya nambala. Thanzi wosungunula sayenera kupitirira maola 24. Mukalemba "24" m'mzere wa mawu, wowerenga adzaima kufunsa kuti anene bwanji. "Twentefolo" ndi masilabo anayi, "makumi awiri ndi mphambu zinayi" ndi 12, kusiyana kwa sekondi imodzi ndi theka kupitirira. M'mzere wa mawu nambala izilembedwa monga idzatchulidwire. Ife tinazemba zonse ziwiri: wofotokoza amati "Otsala akatha usana ndi usiku, atayeni mupange ena", pamene pa sikirini dzuwa likudutsa pamwamba pa chiwiya, mwezi utsatira, dzuwa litulukanso, lemba lakuti MAOLA 24 lili pansi pake, kenako chiwiya chipendeka madzi atayika.

Kudula mwadzidzidzi, popanda kutsetsereka kulikonse, kumadzutsa munthu. Kumeneko tinakusungira kagawo komaliza, pa 38:00. Sikirini yonse isintha mtundu pa fulemu imodzi, kukhala yofiira, ndipo mawu akuti: "Akakana kumwa, akamasanza kapena kufooka, thamangirani kuchipatala." Tizithunzi titatu tilowa kamodzikamodzi, kalikonse pa liwu lake, kenako chithunzi cha chipatala.

Pepala likatha, sitithamangira kuyendetsa zithunzi. Timayamba tajambula mawu, usiku kabaza wa njinga zamoto atachepa, ndipo nthawi ya dzinja timadikira mvula ileke kugunda malata. Nthawi zonse za pa pepala ndi zongoyerekeza mpaka mawu enieni atalowa mu kompyuta. Mu Audacity, pulogalamu yokonzera mawu ojambulidwa, `Ctrl+B` imaika chizindikiro pamalo amene mwasankha, ndiye timaika pa liwu lililonse lotsindika n'kukonza nambala za pa pepala. Mu After Effects, pulogalamu yoyendetsera zithunzi, kudina `L` kawiri pa mzere wa mawu kumaonetsa mafunde ake, ndipo `*` ya ku mbali ya manambala imaika chizindikiro pa nthawi imene muli. Kenako timaika zithunzi zoima, zojambula mwachangu, pamwamba pa mawuwo, chilichonse pa nthawi yake. Imeneyi ndi animatiki. Ndi yosakongola, koma ndi imene timatumiza kwa eni ntchito, chifukwa kusintha pamenepa ndi kwa mphindi zochepa, pamene kusintha zithunzi zitayenda kale ndi kwa masiku. Kayendedwe kenikeni kamabwera pomaliza, ndipo pa sikiriputi timangolemba ngati chinthu chiima mofewa kapena mogunda. Kuima mofewa mu After Effects ndi Easy Ease, batani la `F9`. Chiwiya chinaima mofewa. Tizithunzi ta ngozi tinagunda.

Animatiki timaiyesa kawiri. Koyamba maso ali chitsinzire: kodi mawu okha akukwanira kuti munthu asungunule Thanzi molondola? Kachiwiri mawu atazimitsidwa, pa foni yaing'ono ya sikirini yong'aluka, osati pa kompyuta: kodi zithunzi zokha zikunena zoona? Mayeso achiwiriwa ndi amene anagwira paketi ya theka ija.

Chimene mayeso onse awiri sanagwire chinagwidwa ndi mlangizi wa zaumoyo amene tinamuonetsa mochedwa, mawu titajambula kale. Anati mwana wotsegula m'mimba akasanza kamodzi, mayi amadikira mphindi 10 n'kupitiriza kum'mwetsa modekha. Chizindikiro cha ngozi ndi kusanza chilichonse chimene wamwa. Chiganizo chathu chinkayenera kunena kuti "akamasanza chilichonse". Liwu limodzi, masilabo anayi, mafulemu 20. Kagawo komaliza kanali ndi masekondi 7, ndipo mawu ake anakwera kufika pa masekondi 6 ndi mafulemu 10, osasiya mpata woti chithunzi cha chipatala chikhazikike. Eni ntchito sankafuna kupitirira 45. Tinaitananso mayi wowerenga uja kuti abwereze chiganizo chimodzicho, pa maikolofoni yomweyo, m'chipinda chomwecho kuti liwu lisasiyane, ndipo sekondi yosowayo tinaichotsa ku kagawo koyamba, kamene kanali ndi masekondi 6 pa mawu a masekondi 4. Nambala iliyonse ya pa pepala kuyambira kagawo kachiwiri inabwerera m'mbuyo ndi mafulemu 25, ndiye LITA IMODZI m'kanema amene anatuluka limalowa pa 8:17, ndipo kufiira kumagwa pa 37:00.